Mwambo ukamaima pakati: kulumikiza zolankhula, magule, chakudya ndi keke pa ukwati wa ku Joni

Amene munatsogolerapo mwambo wa ukwati kuno ku Joni mukulidziwa phokoso lake. A malume amaliza kulankhula, anthu aomba m'manja, kenaka zii. Dijeyi akuyang'ana inu, inu mukuyang'ana kukhomo, operekeza akwati amene amayenera kulowa ndi sitepe ali panja kujambulitsa. Mphindi ziwiri zisanathe holo yonse yayamba kucheza, ena atuluka kukayankha foni, ndipo kuti muwabwezenso pamafunika kukuwa. Pofika nthawi yodula keke mipando yambiri ili pululu, wojambula akuvutika kupeza mbali yoti aloze kamera.

Vutoli limabwera mobwerezabwereza, ndipo otsogolera mwambo ambiri amalithira mankhwala olakwika. Amawonjezera nthabwala, amaloweza miyambi, amauza dijeyi akweze nyimbo. Koma chimene chaimitsa mwambo nthawi zambiri si kusowa kwa mawu okoma. Chinthu chotsatira chinali chisanakonzeke pamene chinzake chimatha. Mpeni wa keke unali m'galimoto, woyankhula wachiwiri anali kuchimbudzi, mpunga unali usanafike. Mawu a pamaikolofoni amangophimba dzenje kwa mphindi imodzi, osapitirira.

Tawerengerani nokha. Mwambo wokhala ndi zigawo 9 uli ndi malo olumikizira 8. Malo alionse akakudyerani mphindi 7, mwataya mphindi 56, pafupifupi ola lathunthu, popanda munthu aliyense amene walankhula motalikitsa. Kumudzi ola limenelo mwina silipweteka kwambiri. Kuno holo ndi yalendi, mwini wake akufuna makiyi pa nthawi imene munagwirizana, ndipo alendo anu ambiri akuganiza za matekisi.

Pepala la wotsogolera si pulogalamu yogawira alendo

Chizindikiro choyamba cha mwambo umene uvute ndi wotsogolera amene wanyamula kapepala komweko kamene kaikidwa pamatebulo, kolembedwa kuti pemphero, mawu a makolo, perekaniperekani, chakudya, keke. Kapepala kameneko kamanena zochitika, koma sikanena amene ayenera kukhala ataima kale pakhomo chinthu china chikamatha.

Pepala lanu ligaweni patatu. Kumanzere nthawi ndi chochitika. Pakati mawu enieni amene munene potseka chigawocho ndi kutsegula chinzake, olembedwa onse, osati mitu chabe. Kumanja dzina la munthu kapena chinthu chimene chiyenera kukhala chitakonzeka chigawo chimenechi chisanathe. Mbali yakumanjayi ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ndipo siigwira ndinu. Mufunika mnyamata kapena mtsikana wa miyendo yopepuka, wokhala ndi pepala lofanana ndi lanu, amene ntchito yake ndi kukhala chigawo chimodzi patsogolo panu. Inu mukamayendetsa mawu a makolo, iye ali kwa makashiya kuona ngati malichero ndi chenje zili pamalo. Inu mukayamba perekaniperekani, iye ali kutebulo la keke. Akakonza, amaima pamalo amene munagwirizana nakweza chala. Musanaone chalacho musatseke chigawo chimene muli nacho. Kuli bwino nyimbo ipitirire mphindi imodzi anthu akuvina, kusiyana ndi kulengeza keke kenaka n'kuyamba kufunsa pamaikolofoni kuti mpeni uli ndi ndani. Dijeyi nayenso apatsidwe pepala lomwelo, ndipo nyimbo iliyonse ilembedwe pambali pa chochitika chake.

Mawu olumikizira okha asatalike. Akhale ndi zitatu: kutseka chimene chatha pogwira mawu amodzi a mmenemo, kuuza anthu chochita ndi matupi awo, ndi kutchula amene akubwera. Chachiwiricho ndicho ambiri amaiwala. Anthu 150 osauzidwa kuti akhale, aime kapena ayang'ane kuti, aliyense amadzisankhira, ndipo ambiri amasankha kucheza.

Yambani kuwerengera kumapeto

Tiyerekeze ukwati wa Loweruka mwezi wa Juni, m'holo ina ku Rosettenville, alendo 150. Holo ibwezedwe 7 koloko madzulo itasesedwa. Khadi likuti 1 koloko masana, koma tonse tikudziwa kuti ambiri amagwira ntchito Loweruka mpaka masana, choncho 2 koloko ndiye nthawi yoona.

Nthawi yofunika kwambiri pamenepa si 7 koloko. M'mwezi wa Juni dzuwa ku Johannesburg limalowa cha m'ma 5:25, ndipo kukangoda kumazizira zedi. Mlendo wochokera ku Diepsloot, ku Cosmo City kapena ku Tembisa akufunika tekisi yopita m'tauni, kenaka ina yomufikitsa kwawo, ndipo palibe amene amafuna kumayendayenda pafupi ndi malo okwerera matekisi a Bree kapena Noord kuli mdima atavala suti. Anthu amenewa ikamakwana 5 koloko ayamba kutsanzika. Ndiye kuti chilichonse chofuna holo yodzaza, keke, perekaniperekani ndi mawu a makolo, chiyenera kutha 5 koloko isanakwane. Ukwati wa mu Disembala uli ndi mpata wokulirapo popeza dzuwa limafika cha m'ma 7, koma nawo uli ndi mvula yamabingu ya masana imene imachedwetsa anthu pofika.

Pa ukwati wathuwu ndondomeko ingakhale motere. Operekeza ndi akwati alowa 2:00, mphindi 20. Pemphero ndi kulandira alendo 2:20. Mawu a akuchikazi ndi akuchimuna 2:30. Perekaniperekani woyamba 2:45, mphindi 35. Keke 3:20. Chakudya 3:35, mphindi 45. Gule wa operekeza 4:20. Kugulitsa keke ndi perekaniperekani wachiwiri 4:30. Mphatso, kuthokoza ndi pemphero lotsekera 5:00, ndipo ikamati 5:20 akwati akutuluka.

Ena aona kale kuti keke ndaiika patsogolo pa chakudya. Akomiti ambiri amakana poyamba, amati keke ndi yotsiriza. Zifukwa zake ndizifotokoza tikafika pa keke.

Wolankhula akakana kutsika

Mphindi 15 za mawu a makolo zimasanduka 40 m'njira zitatu, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Yoyamba ndi kuyenda. Mwaitana a malume, ali kumbuyo kwenikweni kwa holo, akudzuka pang'onopang'ono, akupereka moni tebulo lililonse. Onse olankhula akhazikeni kutsogolo mwambo usanayambe, ndipo mthandizi wanu akawanong'oneze pemphero likangotha.

Yachiwiri ndi kumasulira. Ukwati wa kuno sulephera kukhala ndi alendo osamva Chichewa: abwana a mkwati, anzake a kuntchito olankhula Chizulu kapena Chisutu, nthawi zina banja lonse la mbali imodzi. Mukamasulira chiganizo ndi chiganizo, mawu a mphindi 4 amakhala a mphindi 8, ndipo mkulu akamapumira womasulira amapeza mpata wokumbukira nkhani zina. Asiyeni amalize, inu mupereke mutu wake m'ziganizo ziwiri. Pokhapokha ngati mkwati kapena mkwatibwi ndi wa kuno, mawu a makolo ake amasuliridwe mokwanira, ndipo nthawi yake muiwerengere kawiri papepala.

Yachitatu ndi foni yakumudzi. Makolo enieni ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, sanathe kubwera, ndipo banja likufuna alankhule pa WhatsApp. Nthawi ya ku Malawi ndi ya kuno ndi imodzi, apo palibe vuto, koma netiweki imadula, foni ikaikidwa pamaikolofoni zokuzira mawu zimalira, ndipo holo yonse imamvera mawu oti "mukundimva?" kwa mphindi zisanu. Apempheni ajambule uthenga wa mphindi ziwiri masiku angapo ukwati usanafike, dijeyi auike pamakina ake ndipo muuyese m'mawa. Kuonerera mwambo pa foni aonerere ndithu, koma mawu awo amveke ojambulidwa kale.

Nanga mkulu amene wangotalikitsa? Musamuthire nyimbo. Dijeyi wachinyamata amaona ngati n'zoseketsa, koma akubanja amasunga mumtima, ndipo amene adzayankhe mlandu ndi akwati. Nkhani ya mphindi muikambe ndi ankhoswe mlungu wa ukwati, iwo ndiwo akauze olankhula, popeza mkulu amamva msanga za mnzake kusiyana ndi za wotsogolera mwambo. Pa tsikulo mukapereka maikolofoni musapite kukakhala. Imani pambali pang'ono, pomwe akuonani. Nthawi ikapitirira sunthirani pafupi. Akapitirirabe, dikirani pamene anena mawu okoma, anthu n'kuseka kapena amayi kuimba nthungululu, inu muyambitse kuomba m'manja mwamphamvu, mugwade pang'ono uku mukutambasula manja onse awiri. Ambiri amapereka okha, ndipo amatsika akumva kuti amaliza bwino. Mukatero mulumikize chonchi:

"Zikomo kwambiri a malume. Mwamva akwati, akuti nkhani za m'nyumba zizithera m'nyumba. Mawu amenewo tawasunga. Tsopano tonse tikhale pomwe tilipo, koma a kuchikazi okha imirirani, gwirani zikwama. Makashiya ali kudzanja langa lamanja. Akuchikazi, mwana wanu uyu ali pakati, bwerani mumuonetse kuti sanachokere kutchire."

Onani kuti mawu a malume mwagwirapo amodzi okha. Kubwereza zonse zimene anena ndi kulankhula kachiwiri.

Nyimbo ikupitirira koma bwalo lauma

Perekaniperekani wa ku Joni amavuta pa chifukwa chimene ambiri sachiganizira. Ndalama yapepala yochepetsetsa kuno ndi R10. Kwathu munthu amasintha ndalama yake kukhala mpukutu wa timapepala tambirimbiri, n'kuvina nyimbo yonse akuponya. Kuno amene wabwera ndi R100 ali ndi mapepala 10 basi, ndipo akachita changu atha mphindi isanakwane. Za zitsulo, R1, R2 ndi R5, siziponyeka: zimagubuduzika pansi pa matebulo, ndipo ikam'peza mkwatibwi pamphumi nkhani imasintha. Zotsatira zake n'zoti nyimbo ya mphindi zisanu ikafika pakati, anthu abwerera kale m'mipando, mkwatibwi waima yekha ndi lichero, wotsogolera akuchonderera.

Mukaona zimenezi musawonjezere kuchonderera. Fupikitsani. Gulu lililonse lipatsidwe mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo dijeyi azidziwa kuti mukatsitsa dzanja atsitse nyimbo, ngakhale ili pokoma. Dulani bwalo likadali ndi anthu. Pa mphindi 35 zija mutha kuitana magulu 8, lililonse mphindi zitatu, n'kutsala ndi mphindi 11 zotolera ndalama pansi ndi kusinthana. Kutolerako kuli ndi nthawi yake, ndipo ndi pamene mabowo ambiri amabadwira. Gulu lina likamavina, lotsatira likhale litauzidwa kale kuti lipite kwa makashiya kukasintha. Mawu ake ndi achidule: "Akuchimuna ali m'bwalo. A kumpingo, nthawi yosintha ndalama ndi ino, mukatha muime apo pafupi ndi khomo."

Chenje nachonso chimaimitsa mwambo. Makashiya akayamba opanda ma R10 okwanira, gulu loyamba limaima pamzere kudikira ndalama zimene sizinaponyedwe. Komiti isinthiretu mkati mwa mlungu, popeza Loweruka mabanki amatseka msanga ndipo makina otulutsa ndalama kawirikawiri sapereka ma R10. Zoyambira zikakhalapo, zotsala zimazungulira zokha: zotoledwa pansi zimabwerera patebulo n'kugulitsidwanso. Choncho yambani ndi gulu laling'ono la anthu otsimikizika, monga akomiti, kuti malichero adzaze gulu lalikulu lisanafike.

Magulu ake muwaganizire monga mmene anthu amakhalira kuno. Kuitana "onse a kuchimuna" kungadzutse anthu 6 okha, popeza abale ambiri ali kumudzi. Koma itanani a kumpingo, a bungwe la maliro limene mkwati amasonkhako, a m'chipereganyu cha mkwatibwi, ochokera boma limodzi ndi mkwati, okhala ku Turffontein, okhala ku Mayfair, muona bwalo likudzaza. Mndandanda umenewu mufunse akwati eni ake. Alendo a kuno amene sanaonepo mwambowu auzeni mwachidule m'chilankhulo chimene akumva kuti ndalamazi n'zoyambira banja, ndipo palibe wokakamizidwa. Mukapanda kutero amangokhala manja ali m'thumba, osadziwa ngati akuyenera kudzuka.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale komiti ikupempheni: kulengeza pamaikolofoni kuchuluka kwa ndalama zimene zapezeka. Zokuzira mawu zimamveka mpaka kumsewu, ndipo ndalamazo zikuyenera kutuluka pakhomo lomwelo. Tebulo la makashiya likhale kutali ndi khomo, ndalama zizichotsedwa pang'onopang'ono mwambo uli mkati, ndipo chiwerengero akwati akachimve kunyumba.

Keke

Anthu akadya amapita. Palibe nthabwala imene ingamugwire munthu wokhuta amene akuganiza za matekisi awiri. Mukaika keke pambuyo pa chakudya, mwaika mwambo wofunika kwambiri pa nthawi imene holo ikukhuthuka. Chachiwiri, keke ikadulidwa ndi akwati pamafunika nthawi kuti amayi aiduledule ndi kuikulunga tizidutswa togulitsa. Ikadulidwa 3:20, ntchito imeneyo imachitika kuseri anthu akudya, ndipo ikamakwana 4:30 mbale zakonzeka. Ikadulidwa kumapeto, holo imangokhala kuonerera amayi akulimbana ndi mpeni.

Chachitatu n'choti pochoka pa perekaniperekani akwati ali kale chiimire pakati pa bwalo, wojambula ali pomwepo, anthu maso ali kutsogolo. Simufunika kusonkhanitsa aliyense. Mthandizi wanu aonetsetse zinthu izi gulu lomaliza lisanatsike: mpeni, kambale ndi foloko, kansalu kopukutira, zakumwa za akwati, mayi wotsogolera mwambo wa keke ataima pafupi ndi tebulo, ndi makolo a mbali zonse atakhala pamipando yoti akwati afikepo mosavuta. Ngati tebulo la keke liyenera kusunthidwa, anyamata awiri alisunthe nyimbo ikuimba, osati anthu ali chete kuonerera keke ikugwedezeka.

"Zikomo a kumpingo, mwatsuka m'matumba. Tonse tikhale pansi tsopano, ana abwere kwa amayi awo. Ojambula ndi mafoni, jambulani muli pampando kuti akumbuyo aone. Akwati musakhale, tembenukirani kumanzere kwanu. Mayi athu amene atitsogolere pa keke ali kale pamalo. Mayi, mphindi zake ndi zanu."

Apa pali msampha. Mayi wa keke nthawi zambiri amafotokoza tanthauzo la ufa, shuga, mazira ndi zina, n'kusandutsa chilichonse phunziro la banja. N'zokoma zikakhala zazifupi, koma ena amafika mphindi 20, mpunga uku ukuuma. Kambiranani nawo dzulo lake: asankhe zinthu zitatu, mphindi zinayi. Zotsala za mphindi 15 zija n'zodula, kudyetsana, ndi kukapereka keke kwa makolo mogwada, mkwatibwi kwa akuchimuna, mkwati kwa akuchikazi. Ngati makolo ali kumudzi, dziwiranitu amene alandire m'malo mwawo ndipo muwatchule ndi udindo wawo woona. Kunena kuti "bambo a mkwati" pamene aliyense akudziwa kuti ndi mkulu wa kumpingo kumabweretsa manong'onong'o. Nenani kuti "amene aimirira makolo a mkwati lero".

Chakudya

Akwati akamagwadira makolo a mbali yachiwiri, zivundikiro za mapoto zikhale zitachotsedwa, operekera chakudya ataima ndi zipande, wopempherera chakudya ali pambali panu. Musanalankhule mawu oti chakudya, onani chala cha mthandizi. Mawu amenewa akangotuluka sabwezeka.

Mzere ukatalika mpaka panja, vuto ndi masamu. Ngati munthu mmodzi amatenga masekondi 20 kuti apatsidwe mpunga, nyama, ndiwo zamasamba ndi saladi, anthu 150 pa mzere umodzi atenga mphindi 50. Ndiye kuti woyamba wamaliza kudya, watsuka m'manja, wacheza, pamene womaliza sanagwire mbale. Matebulo awiri operekera amatsitsa nthawiyo kufika pa mphindi 25, ndipo womaliza amatsala ndi mphindi 20 zodyera. Zakumwa zikhale kale pamatebulo kapena pamalo ena, chifukwa munthu wosankha chakumwa ali ndi mbale m'manja amaimitsa onse. Ngati pali nsima, madzi osamba m'manja akhale poyambira mzere, ndi beseni loposa limodzi.

Musanene kuti tonse tidzuke. Itanani matebulo awiriawiri. Akwati, makolo ndi okalamba aperekeredwe pomwe akhala.

"Tapemphera, tsopano mverani bwino kuti tonse tidye. Chakudya chilipo chokwanira aliyense, palibe chothamangira. Gome la akwati ndi la makolo musadzuke, atsikana akubweretserani. Matebulo awiri a kutsogolo kuno, dzukani, lina kumanja lina kumanzere. Enanu ndikuitanani, khalani kaye mumvere nyimbo. Abale athu achisilamu, chakudya cha halali chili patebulo la kumanja, chaphikidwa pachokha. Ndipo musapite mukadya: keke ija ikubwera, ndiponso operekeza atikonzera gule amene sanamuonetse polowa."

Za halalizo muzinene pokhapokha mwafunsa ophika n'kutsimikiza. Pakati pa Amalawi a ku Joni pali Asilamu ambiri, ndipo ngati banja lenilenilo ndi lachisilamu, funsani ashehe nthawi za swala za tsikulo kuti musaitane a malume kudzalankhula ali kokapemphera.

Chiganizo chomaliza m'mawu aja chili ndi ntchito. Munthu amene wauzidwa kuti kukubwera chinthu chinachake amakhalako pang'ono. Pa nthawi ya chakudya musaike zolankhula, palibe amene amamvera ndipo wolankhula amakhumudwa. Nyimbo ikhale yapansi, inu mupumitse mawu, mudye msanga. Operekeza adye oyamba pambuyo pa makolo, chifukwa ndiwo akufunika pa 4:20.

Kubweza anthu pambuyo pa chakudya ndi malo ovuta kuposa onse, ndipo mawu paokha sakwanitsa. Mukaimirira n'kumati "tikhale chete, tikhale chete" mutha mphindi zisanu. Gule ndiye amabweza anthu. Mthandizi akaona kuti mzere watha ndipo ambiri atsala pang'ono kumaliza, asonkhanitse operekeza pakhomo, awawerenge, aone kuti nsapato avala. Dijeyi akweze nyimbo mwadzidzidzi, inu munene chiganizo chimodzi chokha: "Maso kukhomo, ana athu akubwera!" Amene anali panja amalowa okha. Kaya ndi sitepe ya nyimbo za kwathu, kaya ndi amapiano amene achinyamata okulira kuno amakonda, kaya amayi akonza chioda kapena manganje, isapitirire mphindi 10. Ngati ovina akufunika kusintha zovala kapena kumanga zitenje, asinthe nthawi ya chakudya. Gule akamatha, atsikana onyamula mbale za keke akhale ataima kale m'mbali, kuti m'manja mukamaombedwa inu mulengeze mtengo wa kachidutswa, iwo n'kulowa pakati pa matebulo. Kugulitsa poyenda m'matebulo kumafulumira kuposa kuitanira anthu kutsogolo, ndipo kumapeza ngakhale amene anyamula kale zikwama.

Zikasokonekera ndithu

Akwati afika 2:40 m'malo mwa 2:00, zimene zimachitika kawirikawiri akapita kokajambulitsa kutali. Musakankhire zonse kutsogolo ndi mphindi 40, chifukwa matekisi sasuntha nawo. Chakudya chingachedwe ndi mphindi 15 zokha, kufika 3:50, apo ayi chizizira. Ndiye kuti kuyambira 2:40 muli ndi mphindi 70 za zinthu zimene munazipatsa 95. Kulowa kukhale mphindi 12 pophatikiza operekeza onse pa nyimbo imodzi, pemphero ndi malonje mphindi 6, makolo mphindi 12, perekaniperekani mphindi 25 ndi magulu 6, keke mphindi 15 zake zomwe. Magulu awiri otsalawo aphatikizeni ndi ena m'gawo lachiwiri. Zoyenera kudula muzigwirizane ndi wapampando wa komiti ukwati usanafike, muziike chizindikiro papepala, kuti pa tsikulo musakachite msonkhano pakona anthu akuonerera. Mawu a makolo afupikitsidwe koma asachotsedwe, ndipo mbali zonse zipatsidwe mphindi zofanana.

Magetsi akazima, chimene chili pafupi ndi chimene sichifuna zokuzira mawu. Onani ndondomeko ya kuzima kwa magetsi ya dera la holoyo mlungu womwewo ngati ilipo, koma musadalire yokhayo, popeza ku Johannesburg amathanso kuzima chifukwa cha zingwe zobedwa kapena zowonongeka. Funsani ngati holo ili ndi jenereta, amene amailiza ndani, ndipo mafuta agula ndani. Sipika ya batire yokhala ndi maikolofoni yake ikhale pansi pa tebulo la dijeyi itatchajidwa. Gwirizananinso ndi mayi mmodzi wa kwaya kuti kukangoti thii ayambitse nyimbo yodziwika ndi onse, amayi apolokeze, m'manja muziombedwa. Nyimbo imodzi imakwana kuti jenereta ilire kapena sipika ilumikizidwe. Zikakanika ndipo chakudya chapsa, dumphirani ku chakudya, zolankhula zidikire magetsi. Ngati sichinapse, pitani ku keke, popeza ndi mwambo woonera ndi maso, ndipo mayi wotsogolera angolankhula mokweza ataima pakati pa holo.